Soya, khobwe ndi nandolo: momwe mungayerekezere mapuloteni ake ndi kupeza mlingo wosakanizira ndi chimanga

Zoti mbewu za mtundu wa nyemba zimayenderana ndi chimanga, mpunga kapena mapira ambiri anazimvapo. Chomwe sichinenedwa kawirikawiri ndi mlingo wake. Nandolo wodzaza supuni ziwiri pambali pa mbale yaikulu ya chakudya cha chimanga ndi kusakaniza ndithu, koma masamu ake satuluka. Malangizo awa akuthandizani kuwerengera nokha, ndipo mukufunika sikelo, pepala ndi cholembera basi. Manambala onse ndi a mbewu zouma zosaphika, ndipo ndi apakatikati, chifukwa mtundu wa mbewu ndi nthaka yomwe yamerapo zimawasuntha pang'ono.

Choyamba: dziwani kuchuluka kwa mapuloteni, mbewu zili zouma

Pa magalamu 100 a soya wouma pali magalamu pafupifupi 36 a mapuloteni. Khobwe ali ndi 24, nandolo 22. Chimanga chili ndi 9, mpunga woyera 7. Apa soya watsogola kale, ndipo ali ndi chinanso chomwe anzakewo alibe: gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi mafuta, pomwe khobwe ndi nandolo mafuta awo safika magalamu 2, mbali yaikulu ndi sitachi.

Yezani musananyike m'madzi. Mbewu izi zikaphikidwa zimamwa madzi n'kulemera kawiri kapena kuposa, choncho magalamu 100 a khobwe wophika ali ndi mapuloteni pafupifupi 8 okha, nandolo wophika 7. Nandolo wamuwisi wongothyola kumene nayenso ali cha pa 7 pomwepo, poti ndi wodzaza madzi. Munthu akayerekeza nandolo wophika ndi ufa wouma wa chimanga, amaganiza kuti chimanga ndiye chili ndi mapuloteni ambiri, chonsecho wayerekeza madzi ndi ufa.

Chachiwiri: pezani amino asidi yemwe akuperewera

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho tipachedwepo.

Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Tilipo 20, ndipo 9 mwa ito thupi la munthu silingathe kupanga lokha, liyenera kutipeza m'chakudya. Thupi likamamanga mnofu kapena magazi limafuna tizidutswa tonse pa nthawi imodzi, kalikonse pa mlingo wake. Kamodzi kakatha, ntchito imaima, ndipo totsalato timangowotchedwa kuti tipereke mphamvu ngati sitachi wamba. Zili ngati kalipentala yemwe ali ndi matabwa okwana mipando khumi koma misomali yokwana mipando isanu: apanga isanu, matabwa enawo angokhala.

Pa mbewu zomwe tikukambazi simukufunika kutsatira ma amino asidi onse 9. Awiri ndi omwe amavuta. Woyamba ndi laisini. Wachiwiri ndi gulu la awiri okhala ndi salufa, methiyonini ndi sisitini, omwe amawerengedwa pamodzi chifukwa thupi limapanga sisitini kuchokera ku methiyonini. Kuti tisamabwereze maina ataliataliwa, tiziwatchula kuti a salufa.

Muyeso wake ndi mamiligalamu pa galamu imodzi ya mapuloteni, osati pa galamu ya chakudya. Lipoti la 2013 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, likuti mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 3 amafuna mamiligalamu 57 a laisini ndi 27 a salufa pa galamu iliyonse ya mapuloteni. Mwana wokulirapo ndi munthu wamkulu amafuna 48 ndi 23. Nazi mbewu zathu:

| Mbewu | Mapuloteni pa magalamu 100 | Laisini | A salufa |
|---|---|---|---|
| Soya | 36 | 64 | 29 |
| Khobwe | 24 | 68 | 25 |
| Nandolo | 22 | 70 | 23 |
| Chimanga | 9 | 28 | 39 |

Kuti mupatse mbewu malikisi, tengani nambala ya mbewuyo, gawani ndi yomwe thupi likufuna, chulukitsani ndi 100. Chitani izi pa laisini ndi pa a salufa, kenaka tengani yotsika mwa ziwirizo. Yotsikayo ndiye malikisi a mbewuyo, yokwerayo musaiwerengere.

Tiyese ndi muyeso wa mwana wamng'ono, womwe ndi wovutirapo. Nandolo pa laisini wapitirira, koma pa a salufa ali ndi 23 pomwe pakufunika 27, ndiye malikisi ake ndi 85. Khobwe, 25 pa 27, akupeza 93. Soya wadutsa mbali zonse ziwiri, ngakhale pa a salufa wangodutsa pang'ono. Chimanga pa a salufa chili ndi zotsala, koma pa laisini chili ndi 28 pomwe pakufunika 57, malikisi 49.

Taonani bwino manambala amenewa, chifukwa akutiuza zosiyana ndi momwe nkhaniyi imakambidwira. Anthu amati nyemba zimaperewera ndipo chimanga chimazikwaniritsa, ngati kuti mbali ziwirizi zili ndi vuto lofanana. Zoona zake n'zakuti khobwe ndi nandolo amaperewera pang'ono chabe, ndipo kwa munthu wamkulu, yemwe amafuna 23, onse awiri afika kale pa mzere. Chomwe chili ndi dzenje lalikulu ndi chimanga. Choncho chimanga chochepa chimakwanira kukonza nandolo, koma kuti nandolo akonze chimanga pamafunika nandolo wambiri.

Onaninso kuti pa laisini soya ndiye wotsika mwa atatuwa. Mphamvu ya soya ili pa kuchuluka kwa mapuloteni ndi pa a salufa. Pa galamu ya mapuloteni, nandolo yemwe amaoneka ngati wotsalira ndiye mwini laisini.

Chachitatu: chotsani zomwe thupi siligaya

Si mapuloteni onse odyedwa omwe amalowa m'magazi. A dzira ndi mkaka amagayika pafupifupi onse, 95 mpaka 97 pa 100. A chimanga amagayika 85, a mpunga woyera 88, a ufa wa soya 86, pomwe a mbewu zina za mtundu wa nyemba amakhala cha m'ma 78 mpaka 80. Mukachulukitsa malikisi aja ndi nambala imeneyi mumapeza malikisi enieni. Nandolo uja wa 85 amatsikira cha pa 67, khobwe cha pa 73, soya cha pa 92, chimanga cha pa 42. Njira yowerengera motereyi inavomerezedwa ndi FAO ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu lipoti la 1991, ndipo mu 2013 FAO inalimbikitsa ina yoyeza amino asidi aliyense payekha kumapeto kwa matumbo aang'ono. Yachiwiriyi imafuna labotale, koma mndandanda wa mbewu zathu suusintha: soya patsogolo, khobwe ndi nandolo pambuyo moyandikana, chimanga kumapeto.

Kusiyana kwa khobwe ndi nandolo ine sindikuwerengera kwenikweni. Ndi kochepa moti kaphikidwe kokha kangathe kukutembenuza. Amene muli naye, gwiritsani ntchito ameneyo.

Chachinayi: werengerani chosakaniza

Apa ambiri amalakwitsa potenga manambala awiri a laisini n'kupeza ya pakati. Sizitheka choncho, chifukwa supuni ya nandolo imabweretsa mapuloteni oposa kawiri a supuni ya chimanga. Muyenera kudzera m'mapuloteni. Tiwerengere limodzi magalamu 100 a ufa, momwe 70 ndi chimanga, 30 ndi nandolo.

Yambani ndi mapuloteni. Chimanga cha magalamu 70 chikupereka 6.3, nandolo wa magalamu 30 akupereka 6.6. Zonse pamodzi ndi 12.9. Mwaona kuti nandolo, ngakhale ali wochepa pa sikelo, wabweretsa theka la mapuloteni onse.

Kenaka laisini. Chimanga: 6.3 kuchulukitsa ndi 28, mupeza 176. Nandolo: 6.6 kuchulukitsa ndi 70, mupeza 462. Pamodzi ndi mamiligalamu 638. Gawani ndi 12.9, mupeza 49.5 pa galamu ya mapuloteni.

Chitani chimodzimodzi ndi a salufa. Chimanga chikupereka 246, nandolo 152, pamodzi 398, ndipo mukagawa ndi 12.9 mupeza 31.

Tsopano yerekezani ndi muyeso. Kwa wamkulu, 49.5 yadutsa 48, ndipo 31 yadutsa 23, ndiye chosakanizachi n'chokwanira, tisanachotse zomwe thupi siligaya. Kwa mwana wamng'ono a salufa akwana, koma laisini ndi 49.5 pa 57, malikisi 87. Kuchoka pa malikisi 49 a chimanga chokha kufika pa 87 ndi ulendo wautali, koma sichinafike.

Mukasintha mlingo zimayenda motere. Pa chimanga 90 ndi nandolo 10, laisini ali pa 37, malikisi a mwana 65. Pa 80 ndi 20 akwera kufika 44, malikisi 77. Pa 60 ndi 40 afika 54, malikisi 95. Pa theka ndi theka laisini afika 58 ndipo a salufa atsikira pa 28, zonse ziwiri zangodutsa mzere wa mwana. Mukapitirira pamenepo n'kumachulukitsabe nandolo, vuto limasamukira mbali inayo, a salufa amayamba kuperewera. Chomwe mungatolepo n'chakuti phindu lalikulu limabwera ndi magawo 30 oyambirira. Kupitirira apo malikisi amakwera pang'onopang'ono, pomwe kukoma ndi kukhuta msanga zimayamba kuvuta, makamaka kwa mwana yemwe mimba yake ndi yaing'ono.

Khobwe m'malo mwa nandolo, pa 70 ndi 30 pomwepo, akupereka mapuloteni 13.5, laisini 49, a salufa 32. Palibe kusiyana kokambika.

Soya ndiye amadabwitsa. Pa chimanga 80 ndi soya 20, mapuloteni ndi 14.4 ndipo laisini ndi 46 pa galamu, kungoposa pang'ono 44 ya nandolo pa mlingo womwewo. Wina angafunse kuti nanga soya amatamandidwiranji. Yankho lili pa laisini yense amene ali m'mbale, osati pa galamu imodzi. M'magalamu 100 a ufa umenewu muli mamiligalamu 662 a laisini, pomwe wa nandolo pa 80 ndi 20 uli ndi 510. Magalamu 20 a soya agwira ntchito yomwe nandolo amafuna 30 kuti aigwire, ndipo abweretsanso mafuta. N'chifukwa chake ufa wosakaniza wodyetsera ana m'maiko ambiri umapangidwa ndi chimanga ndi soya pa mlingo woyandikira 80 ndi 20, ndipo wa ana aang'ono kwambiri amauthirakonso ufa wa mkaka.

Pali amino asidi wachitatu woti mumudziwe ngati mbewu yanu ndi chimanga, dzina lake tiripitofani. Chimanga chili naye cha pa 7, nandolo cha pa 10, khobwe 12, soya 13, ndipo mwana wamng'ono amafuna 8.5. Pa chimanga 70 ndi nandolo 30 mumangofika pa mzere ndendende. Mukatsitsa nandolo, tiripitofani amaperewera limodzi ndi laisini. Apa pokha ndi pomwe ndingasankhe khobwe kapena soya kuposa nandolo ngati zonse zilipo.

Njira yachidule ya munthu wamkulu

Ngati simukupanga ufa wosakaniza koma mukungofuna kudziwa nandolo wokwana tsiku limodzi, werengerani dzenje la laisini. WHO imati munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 30 a laisini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndi magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu. Wolemera makilogalamu 60 akufuna laisini 1,800 ndi mapuloteni pafupifupi 50.

Tinene kuti munthuyu amadya magalamu 400 a chimanga pa tsiku. M'menemo muli mapuloteni 36 ndi laisini pafupifupi 1,000. Akuperewera 800. Magalamu 100 a nandolo wouma ali ndi laisini pafupifupi 1,540, khobwe 1,630, soya 2,300. Ndiye dzenjelo litsekedwa ndi magalamu 52 a nandolo, kapena 49 a khobwe, kapena 35 a soya. Poti si zonse zomwe zigayike, onjezaniko: 70 a nandolo kapena khobwe, 45 a soya. Magalamu 70 ouma akaphikidwa amayandikira kapu imodzi yodzaza. Kapu yonse, osati msuzi wokhala ndi njere zowerengeka pansi pake.

Sikofunika kuti zonse zikhale m'mbale imodzi. Thupi limasunga ma amino asidi kwa maola angapo, choncho kwa wamkulu kudya ziwirizi m'tsiku lomwelo n'kokwanira. Kwa mwana wamng'ono n'kwabwino kuziika m'chakudya chimodzi, chifukwa amadya pang'ono ndipo simungadziwe ngati chakudya chotsatira achimaliza.

Mukasintha chimanga

Mpunga uli ndi mapuloteni ochepa koma abwinoko, laisini wake ali cha pa 36 ndipo a salufa ndi ochuluka kuposa a chimanga. Chifukwa chake nandolo kapena khobwe wochepa amakweza malikisi msanga, ndipo magawo 20 pa 100 amafika kale pa muyeso wa wamkulu. Koma mapuloteni onse m'mbale amakhala ochepa, ndiye musawatsitse kwambiri. Tirigu ali pafupi ndi chimanga pa laisini, komabe mapuloteni ake ndi ochulukirapo, choncho amafunanso nyemba zochulukirapo kuti zimukoke. Mapira ndi ovuta kuposa onse: laisini wake ali m'munsi mwa wa chimanga, cha m'ma 20, ndipo mapuloteni ake akaphikidwa m'madzi amalimba n'kumagayika movutirapo, zosiyana ndi mbewu zina. Ndi mapira musatsike pa magawo 30.

Kakonzedwe ka chimanga nakonso kamasintha masamu. Kamtima ka njere, pomwe mmera umatulukira, ndiko kolemera kwambiri pa laisini. Mbali yoyera ya ufa ili ndi mapuloteni osauka kwambiri pa laisini ndi tiripitofani. Ufa wochotsedwa kamtimako uli ndi laisini wochepa kuposa 28 yomwe tagwiritsa ntchito, ndiye ngati ufa wanu ndi wotere kwezani gawo la nyemba.

Kusakaniza khobwe ndi nandolo okhaokha sikukonza chilichonse, onse amaperewera malo amodzi. Chimodzimodzi chimanga ndi mpunga.

Chachisanu: phikani mosaononga zomwe mwawerengera

Masamu onsewa akuganiza kuti mbewu zaphikidwa bwino. Mbewu zitatuzi zikakhala zaziwisi zili ndi zinthu zomwe zimatsekereza tiripusini, chinthu chomwe kapamba amatulutsa kuti chidule mapuloteni m'matumbo. Soya ali nazo zambiri kuposa anzakewo. Soya wosapsa amataya mwayi wake wonse: mapuloteni amadutsa osagayika, ndipo kapamba pofuna kubwezeretsa amatulutsa tiripusini wambiri, yemwe payekha ndi wolemera a salufa, ndiye thupi limataya amino asidi yemwe anali wochepa kale.

Moto ndi womwe umathetsa zimenezi, ndipo moto wa madzi kapena nthunzi umagwira bwino kuposa wouma. Nyikani soya m'madzi usiku wonse, tayani madziwo, muwiritseni m'madzi ena obwadamuka kwenikweni kosachepera theka la ola ngati mukufuna kumuyanika n'kugayitsa ufa. Wodya njere amafuna maola awiri kapena atatu kuti afewe. Khobwe sachedwa, ola limodzi limakwana ndipo nthawi zambiri safika n'komwe. Nandolo wamakoko amatenga nthawi kuposa khobwe, koma wosenda n'kugawika pakati amapsa msanga. Njere yakupsa imaphwanyika yonse pakati pa zala popanda kotsala kolimba pakati. Ufa wa soya ukamanunkha ngati nyemba zaziwisi ndi kuwawira pakhosi, dziwani kuti moto sunakwane, ndipo ufa wotere musangouthira m'chakudya chomwe chatsala pang'ono kuphulidwa.

Mbali inayo ndi kupsereza. Laisini ndi amino asidi yemwe sachedwa kuonongeka ndi moto wouma: amagwirana ndi shuga wa m'njere n'kusanduka chinthu chofiirira chomwe thupi silingagwiritse ntchito. Ndiye mukamakazinga soya, chizindikiro chanu ndi mtundu wa m'kati mwa njere. Iswani imodzi. Ikhale yachikasu chopita ku golide ponseponse. Ngati kunja kwada koma m'kati mudakali moyera, moto wachuluka ndipo mwaluza pawiri, laisini wapsa kunja pomwe zotsekereza zija zidakalipo m'kati. Chepetsani moto, takasani osaleka, ndipo musadzaze chiwaya.

Makoko, makamaka a khobwe ndi nandolo wa mtundu wakuda kapena wofiirira, ali ndi matanini omwe amamanga mapuloteni n'kuchepetsa kugayika kwake. Kwa wamkulu si nkhani yaikulu. Pa ufa wa mwana sendani: nyikani m'madzi, fikisani ndi manja, makoko ayandama n'kuwatsanula. Mukatero yanikani mpaka ziume gwa, ndipo muyeze magawo 30 aja pa sikelo mutasenda ndi kuumitsa kale, chifukwa makoko ndi chinyezi zimalemera koma sizibweretsa laisini. Ngati mulibe sikelo ndipo mukuyeza ndi kapu, yezani ufa ndi ufa kapena njere ndi njere, makapu awiri a chimanga pa kapu imodzi ya khobwe kapena nandolo, makapu anayi pa imodzi ngati ndi soya.